Pointi (1, 1) ndi minimamu kapena sado? Zokambirana za pa gulu la masamu la ku Dedza ndi Ntcheu

Wa ku Bembeke: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeniko funso la kakulasi, lili mu asayimenti yomwe tikupereka Lachisanu. Atipatsa fankishoni iyi:

```
f(x, y) = x^3 + 6y^2 - 12xy + 9x
```

Akuti tipeze makiritiko pointi onse, kenako tinene kuti iliyonse ndi ya mtundu wanji. Mapointiwo ndawapeza. Maderivetivu oyamba ndawaika pa ziro motere:

```
f_x = 3x^2 - 12y + 9 = 0
f_y = 12y - 12x = 0
```

Yachiwiriyo ikupereka y = x. Ndikalowetsa mu yoyamba ndi kugawa ndi 3 ndikupeza x^2 - 4x + 3 = 0, ndiye x ndi 1 kapena 3. Mapointi ndi (1, 1) ndi (3, 3). Pomwe ndaima ndi pa matirikisi ya maderivetivu achiwiri ija. Mu notsi anangolemba D ndi malamulo ake, osafotokoza kumene akuchokera.

Achimwene a ku Lizulu: Asisi, apa palibe chovuta. Tengani f_xx ndi f_yy basi. f_xx = 6x, f_yy = 12. Pa (1, 1) mupeza 6 ndi 12, pa (3, 3) mupeza 18 ndi 12. Zonse ndi pozitivu, ndiye mapointi onse awiri ndi minimamu. Lembani mugone, ku Bembeke kumazizira.

Wa ku Bembeke: Kuzizira kokha ndiye kulidi, zala zikukanika kugwira cholembera. Koma achimwene, nanga f_xy = -12 ija tiitaye? Akanaiika mu matirikisi bwanji ikanakhala yopanda ntchito?

Achimwene a ku Lizulu: Ija imangodzazitsa matirikisi kuti ikhale 2 kwa 2. Taganizani: mukayenda motsata x girafu ikupindikira m'mwamba, mukayenda motsata y ikupindikiranso m'mwamba. Mavariyebo ndi awiri okha. Kwatsala kuti komwe ingatsikire?

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Ndalowa mochedwa, magetsi angobwera kumene. Achimwene a ku Lizulu, funso lanu lomalizalo ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lakuti kwatsala malo ambiri. Tisanakambe za malamulo, aliyense atenge kakyuleta. Pa (1, 1) penipeni f ndi 1 + 6 - 12 + 9, yomwe ndi 4. Tsopano sunthani pang'ono, ka 0.1 kokha, mbali zosiyanasiyana, muone ngati f ikukwera kapena kutsika. Mwana wanga wa ku Bembeke, yamba ndiwe: suntha x yekha, kenako y yekha.

Wa ku Bembeke: Ndapeza izi, aphunzitsi:

```
f(1.1, 1) = 4.031    f(0.9, 1) = 4.029
f(1, 1.1) = 4.06     f(1, 0.9) = 4.06
```

Zonse zaposa 4.

Achimwene a ku Lizulu: Mwaona? Minimamu. Ndimanena ine.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Dikirani kaye. Tsopano sunthani onse awiri limodzi, x ndi y akhale ofanana.

Wa ku Bembeke: Aaa! f(1.1, 1.1) = 3.971 ndipo f(0.9, 0.9) = 3.969. Zatsika pansi pa 4, mbali zonse ziwiri.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Ndi pamenepo. Minimamu imafuna kuti kulikonse komwe ungasunthire pafupi, f isatsike. Ife tapeza njira imodzi yotsikira, ndipo imodzi yomweyo ndi yokwanira kugwetsa nkhani ya minimamu. Makisimamu sichonso, chifukwa tili ndi njira zokwera. Pointi (1, 1) ndi sado.

Ili ngati mpata wa pakati pa mapiri awiri. Ukaima pampatapo, kuyang'ana kuphiri ili ndi chitunda, kuyang'ana kuphiri linalo ndi chitundanso, koma njira ya anthu imatsetsereka kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Munthu amene wangoyang'ana kumapiri kokha anena kuti ali m'chigwa. Pa funso lathuli, njira ya x ndi njira ya y zonse zaloza kumapiri, ndipo njira yotsetsereka yagona pa mzere wa y = x. f_xx ndi f_yy sizingaione njira imeneyi. Yomwe imaiona ndi f_xy ija mumati ndi yongodzazitsa.

Achimwene a ku Lizulu: Komatu njira yangayi ndinalembera mayeso chaka chatha ndipo ndinakhoza.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Sindikukana, ndipo mwina funsolo linalibe xy, kapena inali yaing'ono. Njira yanu ili ndi choona mkati mwake. Pa minimamu, f_xx ndi f_yy sizingakhale negetivu, zimenezo ndi zoona. Ndiponso mukapeza imodzi ili pozitivu ina negetivu, mwamaliza, ndi sado, f_xy musavutike nayo. Vuto limabwera pomwe zonse ziwiri zili ndi saini imodzi. Pamenepo mpikisano umakhala pakati pa f_xx kuchulukitsa f_yy mbali ino, ndi sikweya ya f_xy mbali inayo. D ndi kusiyana kwa ziwirizi:

```
H = [ f_xx  f_xy ]  =  [ 6x   -12 ]
    [ f_xy  f_yy ]     [ -12   12 ]

D = f_xx * f_yy - (f_xy)^2 = 72x - 144
```

Pa (1, 1), 6 kuchulukitsa 12 ndi 72, koma sikweya ya -12 ndi 144. f_xy yapambana, D = -72, sado. Pa (3, 3), 18 kuchulukitsa 12 ndi 216, yaposa 144, D = 72. Apa D ndi pozitivu ndipo f_xx ndi pozitivu, ndiye minimamu. Onani kuti f_xy sinasinthe, f_yy sinasinthenso. Chomwe chasintha ndi f_xx yokha, kuchoka pa 6 kufika pa 18, ndipo chimenecho chakwanira kutembenuza yankho.

Mnyamata wa ku Mayani: Pepani akuluakulu, ine ndayamba kumene chaka choyamba. Ndaona D = 72x - 144. Ndaiika pa ziro ndapeza x = 2. Ndiye (2, 2) si kiritiko pointi yachitatu yomwe asisi aiwala?

Wa ku Bembeke: Ayi mchimwene. Tayesa kulowetsa (2, 2) mu f_x: 12 - 24 + 9 = -3. Si ziro. Pamenepo girafu ikutsetserekabe.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Wayankhidwa bwino. Mwanawe, zoika pa ziro ndi f_x ndi f_y zokha. D siipanga mapointi, imangoweruza mapointi omwe apezeka kale. Ukawerengera D pa pointi yomwe si kiritiko, nambala ituluka ndithu, koma sinena kanthu za minimamu kapena makisimamu. Komabe x = 2 wakoyo si wachabe. Ukayenda pa mzere wa y = x, fankishoni imasanduka x^3 - 6x^2 + 9x, ndipo derivetivu yake yachiwiri ndi 6x - 12, yomwe ndi ziro pa x = 2. Ndi pomwe mzerewo ukusiya kupindikira pansi ndi kuyamba kupindikira m'mwamba. Ndi chifukwa chake (1, 1), yomwe ili kumanzere kwa 2, ndi (3, 3), yomwe ili kumanja, zatuluka zosiyana.

Mnyamata wa ku Mayani: Zikomo bambo. Nanga bwanji mwalemba f_xy kawiri? Mu buku lathu pansipo pali f_yx.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Ngati maderivetivu achiwiri ali kontinyuwasi pafupi ndi pointiyo, f_xy ndi f_yx zimafanana. Pa mapolinomiyo ngati iyi zimafanana nthawi zonse. Ine ndimalangiza kuti uwerengere zonse ziwiri, chifukwa zikasiyana ndiye kuti wasokoneza penapake pa maderivetivu oyamba. Tenga f_x uidifarenshiyete ndi y, upeza -12. Tenga f_y uidifarenshiyete ndi x, upeza -12. Zagwirizana, ndiye pitirira.

Wa ku Bembeke: Aphunzitsi, yankho ndalimva, koma funso langa loyamba likadalipo. Ife tinachita mwayi kuti munatiuza mzere wa y = x. Njira zochoka pa pointi ndi zosawerengeka. Nambala imodzi ya D ikudziwa bwanji za njira zonsezo?

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Limeneli ndiye funso lenileni, ndilole ndifatse nalo.

Tiyerekeze wachoka pa kiritiko pointi, wasuntha h mbali ya x ndi k mbali ya y, zonse zazing'ono. Popeza f_x ndi f_y ndi ziro pamenepo, kusintha kwa f kumatsamira pa maderivetivu achiwiri. Kuti tichepetse zolemba, a akhale f_xx, b akhale f_xy, c akhale f_yy. Kusinthako kumayandikira theka la Q iyi:

```
Q = a*h^2 + 2*b*h*k + c*k^2
```

Tiiyese pa manambala athu kuti usangondikhulupirira. Pa (1, 1), Q = 6h^2 - 24hk + 12k^2. Ika h = 0.1 ndi k = 0.1, upeza 0.06 - 0.24 + 0.12, yomwe ndi -0.06. Theka lake ndi -0.03. Ndiye f iyenera kukhala pafupi ndi 3.97, ndipo iwe unapeza 3.971 ndi 3.969. Zagwirizana. Taona bwino kuti chomwe chakokera pansi ndi -0.24 yapakatiyo. Ukaika k = 0 kapena h = 0, monga amachitira achimwene a ku Lizulu, chidutswa chapakati chimafa, sungachione n'komwe.

Tsono funso lasanduka ili: kodi Q ili ndi saini imodzi pa h ndi k aliyense, kapena imasinthasintha? Apa timagwiritsa ntchito luso la ku sekondale lija lokwaniritsa sikweya. Chulukitsa Q ndi a:

```
a*Q = (a*h + b*k)^2 + (a*c - b^2)*k^2
```

Ukatsegula mabulaketi uona kuti mbali ziwirizi ndi zofanana. Ndipo a*c - b^2 ndi D yathu ija. Sitinaiitane, yatuluka yokha.

Tsopano werenga mzerewo. Chidutswa choyamba ndi sikweya, sichingakhale negetivu. k^2 nayenso chimodzimodzi. Ngati D ndi pozitivu, mbali yonse ya kumanja ndi pozitivu pa njira iliyonse yomwe ungasankhe, ndiye a ndi Q ali ndi saini imodzi. a akakhala pozitivu, kulikonse n'kokwera, minimamu. a akakhala negetivu, kulikonse n'kotsika, makisimamu. Koma D akakhala negetivu, ukhoza kusankha k = 0 n'kutsala ndi chidutswa cha pozitivu chokha, kapena kusankha h ndi k oti aphe sikweya yoyamba ija n'kutsala ndi cha negetivu chokha. Masaini awiri, sado.

Wa ku Bembeke: Ndiye ikutiuzanso kumene kuli njira yotsikira? Pa (1, 1), a*h + b*k ndi 6h - 12k, imafa pomwe h = 2k.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Eya, tayesa.

Wa ku Bembeke: h = 0.2, k = 0.1. Q = 0.24 - 0.48 + 0.12 = -0.12. Ndi negetivudi. Kotero si mzere wa y = x wokha womwe ukutsika.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Si wokha. Pali chigawo chathunthu cha njira zotsika ndi chigawo china cha njira zokwera. Zangochitika kuti ma akisi onse awiri agwera m'chigawo chokwera, ndipo ndikukhulupirira kuti wolemba funso anachita dala kuti akole anthu.

Achimwene a ku Lizulu: Ndinasowa pang'ono, foni inagwira netiweki ya ku Mozambiki, kuno tinazolowera. Ndawerenga zonse. Koma ndili ndi chokayika: bwanji lamulo limati tiyang'ane f_xx? f_yy inalakwa chiyani? Nanga zikatsutsana?

Wa ku Bembeke: Ilo ndiyankhe ine. D akakhala pozitivu ndiye kuti a*c waposa b^2, ndipo b^2 siikhala pansi pa ziro. Ndiye a*c ndi pozitivu, a ndi c ali ndi saini imodzi. Sangatsutsane. Mutha kuyang'ana iliyonse.

Achimwene a ku Lizulu: Chabwino. Koma ine ndikuonabe kuti pa mafunso ambiri njira yanga imafulumira.

Wa ku Golomoti: Achimwene, kufulumira kwake ndi masekondi angati? Kuchulukitsa kuwiri ndi kuchotsera kumodzi. Ine ndinaphunzira zimenezi ku injiniyaring'i kudzera m'ma aigenivalu, ndipo ndimaona kuti ndi yoyera kuposa D. Matirikisi ya Hesiyani, H ija ya maderivetivu achiwiri, ndi simetiriki, ndiye ma aigenivalu ake ndi manambala enieni. Mukawachulukitsa mupeza ditaminanti, yomwe ndi D yomweyo. Mukawaphatikiza mupeza a + c. Pa (1, 1) tikufuna manambala awiri ophatikiza 18 ochulukitsa -72, ndipo ndi pafupifupi 21.37 ndi -3.37. Wina pozitivu wina negetivu, sado. Pa (3, 3) ophatikiza 30 ochulukitsa 72, pafupifupi 27.37 ndi 2.63. Onse pozitivu, minimamu. D negetivu amangotanthauza kuti awiriwa asiyana saini.

Ubwino wake, manambalawa amakuuzani zomwe D amabisa. Pa (3, 3) onani 27.37 ndi 2.63: mbali ina khoma ndi lotsetsereka kwambiri, mbali ina kukwera kwake n'kwapang'onopang'ono, kusiyana kopitirira kakhumi. Mukaijambula mu GeoGebra muona chigwa chachitali chopapatiza, osati dzenje lozungulira.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Zoona zonse. Koma pa mayeso a mavariyebo awiri sindingamutume mwana kukasaka sikweya ruti ya 153 pomwe 72 - 144 ikumupatsa yankho lomwelo.

Wa ku Golomoti: Pa awiri ndavomera, bambo. Koma achenjezeni kuti asanyamule lamulo la D kupita nalo pa mavariyebo atatu. Tengani x^2 - y^2 - z^2. Hesiyani yake ili ndi 2, -2, -2 pa dayagono. Ditaminanti ndi 8, pozitivu, f_xx ndi pozitivu, munthu n'kulemba kuti minimamu. Chonsecho ndi sado, chifukwa manegetivu awiri abisana pochulukitsa.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Pamenepo sinditsutsa. Kwa atatu pamafunika kuyang'ana zambiri, osati ditaminanti yaikulu yokha. Koma tisamusokoneze mwana wa ku Mayani lero. Ndingomuuza kuti dzina la matirikisiyi likuchokera kwa Ludwig Otto Hesse, katswiri wa masamu wa ku Jeremani yemwe anabadwa mu 1811 ndi kumwalira mu 1874, ngati angamufunse.

Mayi a ku Tsangano: Mwaswera bwanji aphunzitsi ndi nonse. Ndakhala ndikuwerenga chamumtima. Ine ndikuchita maphunziro a zachuma pa ulimi, ndipo langa ndi losiyanako. Atipatsa chitsanzo chongopeka cha mlimi wolima mbatata ya kachewere maekala x ndi kabichi maekala y, phindu lake ndi ili:

```
P = 40x + 30y - 2x^2 - y^2 - 2xy
```

Ndapeza x = 5, y = 10. P_xx = -4, P_yy = -2, P_xy = -2, ndiye D = 8 - 4 = 4. Pozitivu, ndipo P_xx ndi negetivu, makisimamu, P = 250. Mpaka apa ndili bwino. Koma gawo lachiwiri akuti mlimiyo ali ndi maekala 12 okha. 5 ndi 10 ndi 15. Ndiye ndichepetse onse mofanana, ndiike 4 ndi 8?

Achimwene a ku Lizulu: Maekala 12 ku Tsangano? Ameneyo ndi bwana, mayi, atilembe ganyu yokumba mbatata.

Mayi a ku Tsangano: Inu mukhoza kupirira mphepo ya kuno inu? Ndiyankheni funso.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Mayi, gawo loyamba mwakhoza lonse. Pa lachiwiri Hesiyani yatha ntchito. Iyo imaweruza pointi ya mkati, pomwe maderivetivu oyamba onse ndi ziro. Pointi yanu ya (5, 10) ili kunja kwa munda wa mlimiyo, ndipo kiritiko pointi ina palibe, ndiye phindu lalikulu lomwe angalifikire lili m'malire. Pa mzere wa x + y = 12 ikani y = 12 - x. Mukasonkhanitsa bwino mutsala ndi P = 216 + 10x - x^2, ya variyebo imodzi. Derivetivu ndi 10 - 2x, ndiye x = 5, y = 7, P = 241. Tayesani 4 ndi 8 yanuyo.

Mayi a ku Tsangano: 160 + 240 - 32 - 64 - 64 = 240. Yachepa ndi 1 yokha, koma yachepa. Kotero mbatata isakhudzidwe, maekala atatu onse achoke ku kabichi. Sindikanaganiza.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Ndi momwe manambala a funsoli agwera. Polemba muonetsenso kuti mwayang'ana malire enawo, x = 0 ndi y = 0, ngakhale apereka zochepa. Ndipo nkhani yomweyi ikukhudza mwana wa ku Bembeke. Pa (3, 3) ulembe kuti lokolo minimamu. f pamenepo ndi 27 + 54 - 108 + 27 = 0, koma f(-1, -1) ndi -16, ndipo ukapitirira ku x wa negetivu imatsika osaleka. D amadziwa za pafupi ndi pointi pokha.

Wa ku Bembeke: Ndalemba. Latsala limodzi, aphunzitsi. Mu notsi akuti D akakhala ziro, lamulo la D silipereka yankho. Ndiye pa pepala ndingolemba choncho n'kusiya?

Achimwene a ku Lizulu: D = 0 ndi infulekishoni pointi. Ngati pa variyebo imodzi paja, derivetivu yachiwiri ikakhala ziro.

Wa ku Golomoti: Ngakhale pa variyebo imodzi si choncho, achimwene. x^4 ili ndi derivetivu yachiwiri ya ziro pa x = 0, koma ndi minimamu yooneka ndi maso.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: D = 0 si mtundu wa pointi. Ndi chizindikiro chakuti pali njira ina yomwe Q ndi ziro, ndipo pa njira imeneyo zolamula ndi zidutswa za mphamvu yachitatu kapena yachinayi, zomwe Hesiyani siziona. Onani mafankishoni atatu awa pa (0, 0):

```
x^2 + y^4
x^2 - y^4
x^2 + y^3
```

Onse atatu ali ndi Hesiyani imodzimodzi: f_xx = 2, zina zonse ziro, D = 0. Yoyamba ndi minimamu, chifukwa siingatsike pansi pa ziro. Yachiwiri imakwera motsata x n'kutsika motsata y. Yachitatu motsata y imakwera mbali ina n'kutsika mbali ina. Matirikisi imodzi, makhalidwe atatu. Ndiye ukapeza ziro, bwerera ku fankishoni yeniyeniyo. Yesa kuilemba ngati masikweya ophatikizana, kapena ifakitoraize, kapena saka njira ziwiri zopereka masaini osiyana.

Ngakhale funso lako la lero limalembeka choncho, taona:

```
f = x(x - 3)^2 + 6(y - x)^2
```

Pafupi ndi (3, 3), x ndi pozitivu ndipo zina zonse ndi masikweya, ndiye f siingatsike pansi pa 0. Minimamu yaoneka popanda matirikisi.

Wa ku Bembeke: Ndiye D akakhala ziro ndiyese mizere yonse y = mx. Ikakwera pa m aliyense, ndi minimamu. Eti?

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Ndimayembekezera kuti wina anena zimenezi. Ayi. Pali chitsanzo cha mtundu womwe anaonetsa Giuseppe Peano wa ku Italiya:

```
g = (y - x^2)(y - 3x^2)
```

Pa (0, 0) g ndi ziro, maderivetivu oyamba ndi ziro, g_yy = 2, zina ziro, D = 0. Ika y = mx, upeza m^2x^2 - 4mx^3 + 3x^4. Pafupi ndi ziro chidutswa choyamba ndicho chikulamula, ndipo ndi pozitivu. m akakhala ziro utsala ndi 3x^4, pozitivu. Pa akisi ya y utsala ndi y^2, pozitivunso. Mzere woongoka uliwonse ukunena kuti minimamu. Tsono yenda pa njira yokhota, y = 2x^2. Bulaketi yoyamba ndi x^2, yachiwiri ndi -x^2, g = -x^4. Negetivu, ngakhale uyandikire bwanji pa (0, 0). Chigawo chotsikacho ndi kampata kopapatiza pakati pa maparabola awiri, ndipo mzere woongoka uliwonse umayamba wadutsa kaye m'dera la pozitivu usanalowemo.

Njira ziwiri za masaini osiyana zimakwanira kutsimikiza kuti si minimamu. Koma kuti utsimikize kuti ndi minimamu, kuyesa njira sikukwanira ngakhale zichuluke, pamafunika mfundo yokhudza mapointi onse apafupi nthawi imodzi.

Mnyamata wa ku Mayani: Ndiyetu ndasokonezeka. Nanga pa (3, 3) paja sitinadalire mizere yoongoka yomweyo? Bwanji wina atapeza njira yokhota yotsika?

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Wafunsa ngati wa chaka chachitatu. Pomwe D ndi pozitivu, Q ili ndi malire apansi pa njira zonse pamodzi. Ndi ntchito ya 2.63 uja anatchula a ku Golomoti: ngakhale pa njira yofooka kwambiri, Q siichepera 2.63 kuchulukitsa sikweya ya mtunda womwe wasuntha. Zidutswa zotsala ndi za mphamvu yachitatu, ndipo ukayandikira mokwanira zimachepa msanga kuposa sikweya, sizingaigonjetse, ukhote bwanji. Pa g ya Peano aigenivalu yaing'ono ndi ziro, ndiye chitetezo chimenecho palibe.

Wa ku Golomoti: Koma bambo, x^2 + y^3 ija muitcha chiyani? Ine ndinaphunzitsidwa kuti kiritiko pointi iliyonse yomwe si minimamu kapena makisimamu ndi sado.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Mabuku ambiri a kakulasi amatero, ndipo pa tanthauzo limenelo ndi sado. Ena amasungira dzinali pomwe pali njira yokwera mbali zonse ziwiri ndi ina yotsika mbali zonse ziwiri, monga (1, 1) yathu. Ine ndimakonda kulemba kuti si minimamu, si makisimamu, n'kuonetsa mapointi awiri otsimikizira.

Wa ku Golomoti: Wochonga atakhala ndi mawu oti sado pa pepala lake la mayankho, akuchotserani malikisi.

Aphunzitsi opuma a ku Linthipe: Akhoza kutero. Aliyense aone tanthauzo lomwe lili mu notsi za kosi yake.

Wa ku Bembeke: Mu zathu anangojambula chithunzi, tanthauzo sanalembe. Ndikawafunsa alekichara mawa. Funso lachiwiri la asayimenti ndi x^4 + y^4 - 4xy, ndapeza (0, 0), (1, 1) ndi (-1, -1). Pa (0, 0) f_xx ndi f_yy zonse ndi ziro. Imeneyo ndi ija yosapereka yankho?

Achimwene a ku Lizulu: Ziro kuchulukitsa ziro, D = 0. Fakitoraizani, asisi.

Mayi a ku Tsangano: Achimwene, mwaisiyanso f_xy. Ndi -4, sikweya yake 16, D = -16. Sado.